Kumwetulira pojambulidwa si chilolezo choikidwa pa Facebook

Mkangano umene ukumveka masiku ano m'masaluni, m'mashopu a atelala ndi m'magulu a WhatsApp a azimayi amalonda muno mu Chipata unayambira pa nkhani imene ambiri angaione yaing'ono. Mayi wina woluka tsitsi analuka mtsikana wa kupulayimale kutatsala tsiku limodzi kuti temu iyambe, ndipo m'mawa mwake mwanayo atadutsira pa saluni atavala yunifolomu, anamujambula ndi kuika chithunzicho pa tsamba la malonda ake. Mayi ake a mwana anachiona patapita masiku, chitatumizidwa kwa iwo ndi wachibale wokhala ku Lusaka, ndipo anapita kukalamula kuti chichotsedwe. Kuyambira pamenepo anthu agawikana. Ena akuti makolowo angokuza nkhani, popeza mwana anatuluka bwino pachithunzi ndipo palibe amene anamunyoza; ena akuti wolukayo anapitirira malire. Ine ndili kumbali ya makolo. Ndikuona kuti wamalonda aliyense amene akufuna kuika pagulu nkhope ya kasitomala, nkhope ya mwana, kapena ntchito ya manja a munthu wina, ayenera kupempha chilolezo asanaike, anene poyera kumene chithunzicho chikupita, ndipo alandire yankho lakuti ayi popanda kukwinya nkhope. Kukhala chete kwa munthu si kuvomera, ndipo kulola kujambulidwa si kulola kufalitsidwa.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yolemera, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Akuti malonda a masiku ano amayendera zithunzi. Woluka tsitsi wa ku Kapata kapena telala wa ku Mchini alibe ndalama yolengezera pa wailesi, ndipo chimene ali nacho ndi foni ndi mabandulo a masiku ochepa. Munthu wofuna diresi la kichini pate sakhulupirira mawu, amafuna kuona msoko ndi mmene nsalu yakhalira pathupi la munthu wamoyo. Akawonjeza amati kasitomala anaiona foni ikukwezedwa, anakonza khosi, anamwetulira, ndiye chilolezo china chimene chikufunidwa n'chotani? Zoona zake n'zakuti zithunzi zimabweretsadi makasitomala, ndipo palibe amene akuti zilekeke. Koma tiyeni tione bwino mmene munthu amakhalira pa nthawi imene foni ikukwezedwa. Wakhala pampando maola anayi, khosi lauma, mwina sanamalize kulipira ndipo akufuna kupempha kuti yotsalayo abweretse Loweruka, anthu ena asanu akumuyang'ana pabenchi, ndipo womujambulayo ndi munthu amene adzamufunanso mwezi wamawa. Munthu wotere samakana pagulu, makamaka kwathu kuno kumene tinaleredwa kuti kukaniza munthu wamkulu maso ndi maso ndi mwano. Amamwetulira chifukwa cha ulemu. Ndiponso ambiri amaganiza kuti akujambulidwa kuti aone mmene kumbuyo kwa mutu kwatulukira, kapena kuti chithunzicho chikhala m'foni choonetsa makasitomala ena obwera pamalopo. Kuchoka pa foni ya munthu mmodzi kufika pa tsamba la malonda la Facebook, limene aliyense padziko angatsegule, pali mtunda wautali umene kasitomala sanauyeze.

Chimene wamalonda sangachidziwe poyang'ana nkhope ndi chifukwa chimene munthu angakanire, ndipo zifukwazo sizikhala zachibwana. Pali mayi amene anathawa mwamuna womumenya ku Petauke nadzabisala kwa mchemwali wake ku Nabvutika. Chithunzi chokhala ndi chikwangwani cha saluni kumbuyo chimauza mwamunayo dera loyambira kufufuza. Pali mkwatibwi amene safuna kuti akuchimuna aone diresi tsiku lisanafike, koma telala waliika kale pa Status ya WhatsApp Lachinayi usiku pofuna kuonetsa luso lake. Pali mphunzitsi amene anapempha tchuthi cha matenda, pali wina amene sanapereke ya chilimba mwezi uno ndipo anzake adzamuona atavala wigi yatsopano. Wina anganene kuti ena mwa anthuwa ali ndi zobisa zawo zosayenera. Mwina n'zoona, koma si udindo wa woluka tsitsi kuulula moyo wa munthu amene anabwera kudzagula ntchito ya manja basi. Munthu analipira kulukidwa, ndipo mumtengo umenewo mulibe gawo lakuti nkhope yake isanduke chikwangwani cha malonda a wina kwaulere.

Kupempha kwenikweni sikutenga ngakhale mphindi imodzi, koma kuli ndi dongosolo lake. Kuchitike ntchito itatha ndi malipiro atakambidwa, kuti munthu asaganize kuti kukana kudzakweza mtengo kapena kuononga ubale. Kuchitike motsitsa mawu, osati mofuula pamaso pa onse. Ndipo mawu ake atchule zinthu zitatu: chimene chidzaoneka, kumene chidzaikidwa, ndi ufulu wosintha maganizo. Woluka anganene kuti, "Amai, tsitsi lanu latuluka bwino kwambiri. Kodi mungandilole ndijambule kumbuyo ndi m'mbali mokha, nkhope isaoneke, ndiike pa tsamba la saluni pa Facebook? Mukakana palibe vuto, ndipo mukadzafuna kuti ndichotse mudzangondiuza." Akavomera, awaonetse chithunzi chenichenicho asanachiike, chifukwa munthu amene wavomera chithunzi chimodzi sanavomere zonse zimene zili m'foni. Njira yosavuta yosungira umboni ndiyo kumutumizira chithunzicho pa WhatsApp ndi funso lomwelo, iye n'kuyankha ndi mawu olemba kapena a pakamwa. Uthengawo uli ndi tsiku ndi nthawi, ndipo ukadzabuka mkangano palibe kulozana zala. Ndikuwonjezera kuti ntchito zambiri sizifuna nkhope n'komwe. Mukule umaoneka bwino kuchokera pamwamba ndi kumbuyo, zikhadabo zimafuna dzanja lokha, ndipo diresi lingajambulidwe kuyambira m'khosi kutsika kapena litavekedwa pa chidole cha mushopu.

Mfundo yachiwiri ikukhudza ana, ndipo apa otsutsa amabweretsa mwambo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, kuti kwathu mwana ndi wa mudzi wonse, ndipo kufuna chilolezo cha kholo pa chithunzi chosalakwa ndi khalidwe lachilendo limene likufuna kutigawanitsa. Mwambiwo ndimaulemekeza, koma ukunena za udindo wosamala mwana wa mnzako monga mmene ungasamalire wako: kumupatsa nsima, kumudzudzula, kumuchotsa pamsewu galimoto ikubwera. Sunapatsepo munthu ufulu wotenga mwana wa mnzake kupita naye kumsika osawauza makolo ake. Mudzi umene mwambiwo unabadwira unali ndi malire, ndipo aliyense woona mwanayo anali wodziwika kwa amfumu ndi kwa ambuya ake. Tsamba la Facebook lilibe malire otere.

Tiyeni tibwerere ku chithunzi chimene chinayambitsa mkanganowu ndi kuchiwerenga monga angachiwerengere munthu wa maganizo oipa. Nkhope ya mwana ikuoneka yonse. Mtundu wa yunifolomu ndi baji ya pachifuwa zikutchula sukulu, ndipo m'tauni ya msinkhu wa Chipata aliyense amene wakhalamo chaka amadziwa yunifolomu ya sukulu iliyonse. Chikwangwani cha saluni ndi nambala ya foni yolembedwa pakhoma zikusonyeza komboni, motero zikusonyezanso njira imene mwanayo amadutsa m'mawa. Mawu a pansi pa chithunzi, amene wolukayo analemba mwachikondi, akutchula dzina loyamba la mwana ndi giredi yake. Kenaka mu ndemanga wina wodziwa banjalo analemba moyamikira kuti mwanayu wafanana ndi mayi ake, n'kutchula dzina lawo ndi kumene amagwira ntchito. Palibe chimodzi mwa zinthuzi chimene chili choopsa pachokha, koma zikaikidwa pamodzi, mlendo angathe kuima pageti la sukulu nthawi yoweruka, kuitana mwanayo ndi dzina lake, ndi kumuuza kuti mayi ake amutuma kudzamutenga. Sindikunena kuti izi zimachitika pa chithunzi chilichonse. Ndikunena kuti amene ayenera kuyeza ngoziyo ndi kholo, chifukwa ndi kholo limene likudziwa ngati pali mkangano wolimbirana mwana pakati pa mabanja awiri, ngati pali wachibale amene analetsedwa kuyandikira mwanayo, kapena ngati mwanayo amasekedwa kale kusukulu ndipo chithunzi china chidzangopatsa anzake chomusekera.

Pamenepa ena amayankha kuti mwanayo anakondwa yekha, kapena kuti mtsikana wantchito amene anamuperekeza anavomera. Mwana wa zaka khumi amakondwa ndi kamera iliyonse, ndipo sangaganizire kuti chithunzicho chidzakhalapobe akadzafika zaka makumi awiri. Wantchito, mkulu wake wa mwana, ngakhale mphunzitsi wa Sande sukulu, anapatsidwa udindo woperekeza kapena wophunzitsa, osati wosankha za nkhope ya mwanayo pagulu. Malamulo a dziko lino agwirizana ndi maganizo amenewa. Lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la nambala 3 la chaka cha 2021, limatenga chilichonse chimene munthu angazindikiridwe nacho ngati uthenga wake, limafuna kuti pa nkhani ya mwana chilolezo chichokere kwa kholo kapena womulera mwalamulo, ndipo limapatsa munthu ufulu wobweza chilolezo chimene anapereka. Lamulo lomwelo silikhudza munthu amene akusunga zinthu zongogwiritsa ntchito iye mwini, koma tsamba lokopera makasitomala silili m'gulu limenelo. Komanso malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, pamodzi ndi lamulo la ana la nambala 12 la chaka cha 2022, amati mwana ndi munthu wa zaka 18 kapena zocheperapo, kutanthauza kuti mtsikana wa kusekondale amene wabwera yekha ndi ndalama yake m'manja akhoza kukhala mwana pamaso pa lamulo ngakhale akuoneka wamkulu. Masukulu a mkaka, matchalitchi ndi mabungwe othandiza ana amasiye ayenera kumva zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa ndiwo ali ndi chizolowezi choika ana makumi atatu pachithunzi chimodzi, nthawi zina atanyamula mbale za chakudya chothandizidwa, popanda kholo limodzi lofunsidwa. Kapepala ka mizere iwiri kosainidwa pa tsiku lolembetsa mwana, kokhala ndi malo olembapo kuti ayi, kangathetse vutoli.

Mfundo yachitatu imamveka ngati yanzeru: ikani kaye, wina akadandaula mudzachotsa. Vuto lake ndi lakuti wamalonda angachotse chithunzi chimene chili pa tsamba lake chokha. Status ya WhatsApp imazimiririka pakatha maola 24, koma munthu aliyense amene waiona angaijambule pa sikirini ya foni yake m'kanthawi kochepa, ndipo mwini wake sauzidwa. Chithunzi cha pa Facebook chingasungidwe m'foni ndi kutumizidwa m'magulu khumi dzuwa lisanalowe. Kumbukirani kuti mayi uja sanachione chithunzi cha mwana wake pa tsamba la saluni. Chinamufika kuchokera ku Lusaka, kusonyeza kuti chinali chitayenda kale mtunda wa makilomita oposa 500 ndi kubwerera. Pamene ankalamula kuti chichotsedwe, makope ena anali kale m'mafoni amene wolukayo sadzawagwira. Kuwonjezera apo, njira yodikira dandaulo imaika mtolo pa munthu wolakwiridwa: iye ndiye afufuze, iye ndiye ayende ulendo, iye ndiye aoneke wovuta pamaso pa anthu. Ndipo agogo a ku Chadiza amene alibe foni yotsegula Facebook sadzadandaula konse, osati chifukwa avomera, koma chifukwa sadzadziwa.

Pa ntchito za manja a anthu ena mkangano umasintha pang'ono, chifukwa chimene chikutengedwa si chinsinsi cha munthu koma thukuta lake ndi dzina lake. Otsutsa amati chithunzi chikakhala pa intaneti ndi cha aliyense, ndipo amene wachifalitsa akuthandiza mwini wake kudziwika. Tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. Kasitomala akabwera ndi chithunzi m'foni nati, "Atelala, mundisokere ngati iyi," palibe cholakwa, ndipo kalukidwe ka mukule kapena kadulidwe ka chitenje palibe munthu mmodzi amene angati n'kake. Koma telala akatenga chithunzi cha diresi losokedwa ndi mnzake wa ku Katete, n'kudula pansi pamene panali dzina la mwini, n'kuchiika pa tsamba lake ndi nambala yake ya foni, walakwira anthu awiri. Wabera mnzakeyo makasitomala, ndipo wanamiza mkwatibwi amene adzalipira theka la ndalama poyembekezera msoko umene telalayo sanauonetsepo kuti amautha. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: zithunzi za pa tsamba lotere zimakhala ndi makoma ndi pansi posiyanasiyana, zina zosaoneka bwino chifukwa chojambulidwa pa sikirini kangapo, ndipo m'mphepete mumatsala kachidutswa ka zilembo zodulidwa.

Nanga za kuthandiza mwini wake kudziwika? Thandizo limenelo limakhalapo pokhapokha dzina lake ndi njira yomupezera zili pamenepo, ndipo ngakhale zili pamenepo, mwini wake ndiye ayenera kunena ngati akulifuna. Wojambula zithunzi za penti amene amagulitsa kwa alendo opita ku Mfuwe angakane kuti ntchito yake yatsopano ijambulidwe, chifukwa akudziwa kuti chithunzi chooneka bwino chikafika m'manja mwa wosindikiza, mwezi wamawa adzachipeza pa malaya ndi pa makalendala osalandirapo ngwee. Wojambula paukwati amene watumiza zithunzi zoyamba zokhala ndi chidindo chake amatero podikira malipiro otsala, ndipo amene afufuta chidindocho wamudyera ntchito. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la chaka cha 1994, limene lili pa mutu 406 wa malamulo a Zambia, limateteza zojambula za penti, zosema ndi zithunzi za kamera popanda kufuna kuti mwini wake ayambe walembetsa, ndipo kwa ntchito zambiri chitetezocho chimakhalapo moyo wonse wa mlengi wake ndi zaka 50 atamwalira. Kugula chosema kumakupatsa chosemacho kuti uchiike m'nyumba mwako, koma sikukupatsa ufulu wochisindikiza pa katundu wogulitsa.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene ndikuivomera mbali yake yaikulu. Akuti ngati chilolezo chifunika pa nkhope iliyonse, ndiye kuti palibe amene adzajambule Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale kapena Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, ndipo atolankhani adzalephera kuonetsa khansala amene akugona pamsonkhano kapena msewu umene waonongeka anthu akudutsapo. N'zoona kuti khamu la anthu zikwi pamwambo wa poyera silingafunsidwe mmodzimmodzi, ndipo munthu wa udindo amene akugwira ntchito ya anthu sangabisale kumbuyo kwa chilolezo. Malire ali pamene kamera yasiya khamu n'kusankha munthu mmodzi wamba kukhala mutu wa chithunzi, makamaka ngati cholinga ndi malonda kapena nthabwala. Chithunzi cha impi zikuvina pabwalo ndi nkhani ya mwambo; chithunzi choyandikira cha mtsikana mmodzi wachinamwali, choikidwa pa tsamba la malo ogona alendo kuti chikope anthu, chikufuna mawu a makolo ake ndi a anamkungwi. Ngakhale Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, ali ndi eni ake ndi malo ake. Kuvina kwa pabwalo kumaonedwa ndi aliyense, koma za kudambwe sizijambulidwa, ndipo mlendo waulemu amafunsa kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a gule asanakweze foni. Dziko lino lili ndi lamulo la nambala 16 la chaka cha 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, limene cholinga chake ndi chakuti zinthu zotere zisagwiritsidwe ntchito pa malonda eni ake osavomera.

Chotsala ndi funso la amene ali kale ndi zithunzi mazana pa tsamba lake, zoikidwa zaka zapitazo popanda kufunsa aliyense. Sindikuona kuti afunika kutseka tsamba lonse. Ayambe ndi za ana: chilichonse chooneka nkhope, yunifolomu kapena dzina achichotse lero, ndipo ngati akuchifunadi, afunse kholo kenaka achibwezere chitadulidwa kuti patsale tsitsi kapena chovala chokha. Kenaka achotse ntchito zimene si zake, kapena alembere mwini wake kupempha kuti zikhale ndi dzina lake pamwamba. Za akuluakulu angazifunse pang'onopang'ono, kasitomala aliyense akabweranso pampando, ndipo za anthu amene sabweranso ndiponso nambala zawo zinatayika azichotse, chifukwa palibe njira yodziwira ngati akanavomera.